Mutu wa vidiyo yanga ya feteleza wa Mbeya ndinaupeza m'kabokosi kosakira

Tsiku limenelo linali lamsika pa Kamwendo, ine ndi atsibweni titakhala pa benchi ya kaokala kena kudikira munthu wa njinga yamoto woti atitengere matumba awiri a gaga kumudzi. Atsibweni anali atamva kwa amayi kuti ndinajambula vidiyo ya kapangidwe ka feteleza wa Mbeya, uja wosakaniza feteleza wogula pang'ono ndi ndowe, gaga ndi phulusa, ndiye anatulutsa foni yawo ija yong'aluka pakona, nkuti, "Mphwanga, vidiyo yako ija ndikuifuna, ndikaonetse anzanga a ku kalabu." Ine ndinati ndikutumizirani pa WhatsApp, iwo nkukana, akuti ayi ndiipeza ndekha, si uli pa YouTube iwe? Ndiye ndinangokhala chete nkumayang'ana chala chawo.

Amatayipa ndi chala chimodzi, cha mkombaphala, foni ataitalikitsa pang'ono chifukwa magalasi anawasiya kunyumba. Analemba `feteleza wa mbeya`. Basi. Anadina, kunabwera mavidiyo a anthu ena, ena achizungu, ena achiswahili, anatsitsa mpaka katatu, yanga osaoneka. Anafufuta, nkulembanso `mbeya fetereza`, osaonekabe. Kenako anandiyang'ana nkufunsa, "Kodi unailemba kuti chiyani?"

Mutu umene ndinali nditaupatsa unali uwu:

```
Njira Zamakono Zobwezeretsa Chonde M'nthaka Pogwiritsa Ntchito Zinthu Zopezeka Pakhomo - Gawo 1
```

Nditawawerengera mokweza anangoti, "Nanga Mbeya ali pati pamenepo?" Ndipo zinandipweteka ndithu mumtima, chifukwa vidiyo imeneyo ndinaivutikira, masiku 21 onse ndikudikira kuti thumba lipse ndijambule potsegula, bandulo ya usiku yokwezera, zonsezo, koma mawu amene mlimi amatchulira chinthucho munalibe m'mutu ngakhale limodzi. Ndinalemba mmene amalankhulira pa msonkhano wa alangizi kapena pa pepala lomata ku ofesi, pamene munthu amene akufuna thandizo amalemba mmene amalankhulira ndi mnzake pa dimba. Mutuwo unalinso ndi zilembo 95, YouTube imalola mpaka 100, koma pa foni imaonetsa mizere iwiri yokha kenako nkudula ndi timadontho titatu, ndiye munthu amangoona "Njira Zamakono Zobwezeretsa Chonde M'nthaka Pogwiri..." zomwe zingakhale za chilichonse, kompositi, mitengo ya gilisidiya, akalozera, kaya chiyani.

Usiku womwewo ndinakhala pansi ndi kope ndi foni, ndipo zimene ndinachita ndi zimene ndikufuna ndifotokoze bwinobwino pano, chifukwa ndaona anzanga ambiri kuno ku Mchinji ayamba matchanelo a ulimi, a kuphika, a kukonza mafoni, zinthu zabwino zedi, koma mitu yake ndi yofanana ndi wanga uja.

Mukamalemba m'kabokosi kosakira ka YouTube kapena Google, musanamalize, pansi pake pamatsika mndandanda wa mawu okumalizitsirani, amene amati otokompiliti. Google inayamba kuyesa zimenezi mu 2004, nkudzaziika pa tsamba lake lalikulu mu 2008, ndiye ambirife tinazipeza zilipo kale ndipo timangozidutsa osaziganizira. Koma mawu amene amatsikawo sachokera m'mutu mwa makina, gwero lake lalikulu ndi zimene anthu enieni akhala akulemba, kuphatikizapo chilankhulo chimene mukulemba, dera limene muli, zimene zatchuka masiku amenewo, ndi zimene inu eni munasakapo kale. Kwa ine zili ngati kukhala pakhonde la golosale nkumamvetsera mmene anthu akuitanitsira katundu. Palibe amene amati "ndipatseni mafuta ophikira a m'botolo laling'ono", amangoti "kukingi oyilo wa 500".

Chinthu choyamba, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzinamiza osadziwa, ndi chakuti foni yanu imakudziwani. Ine nditangolemba `nj` pa foni yanga, pamwamba penipeni panabwera mutu wanga wautali uja, ndipo munthu ukhoza kusangalala kuti eee anthu akuusaka, chonsecho ndi ine ndemwe amene ndinkaulemba tsiku ndi tsiku kuona ngati vidiyo ikuoneka. Chizindikiro chake nchosavuta: mawu amene munasakapo kale amakhala ndi kawotchi kumanzere kwake, pamene ochokera kwa anthu ena amakhala ndi kagalasi kokuzira zinthu. A kawotchiwo musawawerengere. Koposa apo, pitani pa akaunti yanu mu apu ya YouTube mudine `Turn on Incognito`, kapena mutsegule tsamba la `Incognito` mu Chrome, kuti mbiri yanu isalowerere. Sikuti zimachotsa zonse ayi, dera lanu imalionabe, koma zimenezo ndi zabwino kale poti anthu amene mukuwafuna ndi a dera lomwelo. Ine ndimabwerekanso foni ya mlongo wanga, amene saonera za ulimi nkomwe, nkuyesa mawu omwewo. Chimene chatuluka pa mafoni onse awiri ndimachikhulupirira kwambiri.

Ndiye ndinayamba ndi liwu limodzi, `mbeya`, osadina kusaka, kungolemba nkuimitsa chala. Zimene zinatsika zinali za ku Tanzania zokhazokha, `mbeya city` timu ya mpira ija, nyimbo, makwaya, nkhani za mzindawo. Nzomveka, Mbeya ndi mzinda waukulu ndipo anthu olankhula Chiswahili pa intaneti ndi ochuluka kutiposa kutalitali. Apa ndinaphunzirapo kuti liwu lakuti Mbeya palokha si langa, ndikaliika lokha m'mutu ndikupikisana ndi mpira, ndiye liyenera kuyenda ndi mnzake nthawi zonse. Mnzakeyo ndi ndani? Apa mpamene pamabwera kanjira kophweka koma kofuna kudekha: mumasiya mpata pambuyo pa liwulo nkuika chilembo chimodzi, kuona zotsika, kufufuta, kuika china. Sindinayende zilembo zonse 26, ndinasankha zimene ndimaganiza kuti zili ndi nkhani: f wa feteleza, m wa manyowa, k wa kapangidwe. M'kope ndinalemba izi:

```
mbeya f   -> mbeya fertilizer
mbeya m   -> mbeya manure
how to make mb -> how to make mbeya fertilizer
mbeya k   -> za ku Tanzania zokha
```

Inu mukayesa lero mwina ziona mosiyana pang'ono, zimasintha ndi nyengo komanso foni, ndiye musatenge zanga ngati lamulo, tengani kachitidwe kake. Koma onani chimene chinaonekera: pachizungu panali mawu awiri opikisana, wina wa feteleza wina wa manyowa, ndipo wa feteleza ndi amene amabwera msanga, ndisanamalize nkomwe kulemba. Kubwera msangako ndi chizindikiro chimene ndimachiyang'ana kwambiri. Ngati mawu atsika mutangolemba zilembo ziwiri zitatu, ndiye kuti ali ndi anthu. Ngati mpaka mulembe pafupifupi onse kuti aoneke, alipo koma ndi ochepa. Kabokosika sikakuuzani nambala ya anthu amene asaka, ndipo kukhala pamwamba pa mndandanda sikutanthauza kuti ndiye ochuluka kuposa onse, chifukwa zotchuka za sabata imeneyo zimakwera pamwamba kwakanthawi. Ndiye musamawerenge mndandandawo ngati zotsatira za mayeso kuti uyu nambala wani uyu nambala thuu.

Ndipo ndikaganiza, zikugwirizana ndi mmene anthu amalankhulira kumudzi. Alangizi ambiri amati manyowa a Mbeya, ndipo sakulakwa poti zambiri m'thumbamo ndi ndowe, gaga ndi phulusa. Koma mlimi amene akusaka pa foni vuto lake si manyowa, manyowa ali nawo m'khola. Vuto lake ndi mtengo wa thumba la feteleza. Akufuna kumva mmene makilogalamu 10 a feteleza wogula angasandukire thumba lathunthu la 50, ndiye m'mutu mwake chinthucho ndi feteleza. Atsibweni sanalembe manyowa, analemba feteleza, kawiri konse.

Tsopano ndifike pamene pali nkhani yeniyeni, pamene malangizo ambiri a pa intaneti satithandiza ife chifukwa analembedwera anthu osaka m'chizungu. Nditayamba kulemba m'Chichewa, kabokosi kanangoti zii. Ndinalemba `kapangidwe ka fe`, palibe chotsika. `mmene mungapangire`, palibe. `kupanga fet`, palibe. `feteleza` payekha anabweretsa timawu tingapo tosakhudzana ndi kapangidwe. Mawu ena achichewa ukawalemba kumatsika nyimbo ndi maulaliki basi, poti ndi zimene zadzaza YouTube m'chilankhulo chathu. Munthu utha kugwa ulesi nkunena kuti aaa ndiye palibe amene amasaka m'Chichewa, ndingolemba mutu wonse m'chizungu. Ine ndikukana zimenezo, ndipo ndili ndi zifukwa.

Choyamba, kuti mawu atsike pamafunika kuti anthu okwanira alembe mawu ofanana. Chizungu chili ndi kalembedwe kamodzi, aliyense amalemba `how to make` mofanana. Ife funso limodzi lomwelo timaligawa pakhumi. Wina alemba feteleza, wina fetereza, wina feteleza koma waphonya chilembo, mnzathu wa ku Chipata kungodutsa pa Mwami apa alemba fataleza. Wina ayamba ndi kapangidwe, wina mapangidwe, wina kupanga, wina tingapange bwanji, ndipo popeza ife mawu athu amasintha kutsogolo, pamene kabokosi kamayang'ana kwambiri mmene mawu ayambira, zonsezi kwa iko ndi mitsinje yosiyana. Anthu 100 ofunsa chinthu chimodzi akagawikana chonchi, mtsinje uliwonse umakhala waung'ono moti sufika poonekera. Kukhala chete kwa kabokosi m'Chichewa sikutanthauza kuti kulibe anthu.

Chachiwiri, ambiri amene amalemba `mbeya fertilizer` si azungu ayi, ndi ife tomwe. Kiyibodi ya foni imasintha mawu achichewa kukhala zinthu zina zosamveka, ndiye munthu amatopa nkulemba chizungu chimene kiyibodi ikuvomera. Komanso anthu anazolowera kuti ukasaka m'Chichewa supeza kanthu. Ndiye amalemba m'chizungu koma akaona mutu wachichewa pakati pa zotsatira amaudina msanga, chifukwa akudziwa kuti ameneyu andifotokozera m'chilankhulo changa, ndi miyezo ya ndowa ndi mbale zimene ndili nazo pakhomo. Choncho ine ndinaona kuti kabokosi kandipatsa mbali imodzi, mawu achizungu amene ndi khomo lolowera, koma mbali yachichewa ndiyenera kuitenga kwa anthu enieni. Mawa lake ndinafunsa anthu asanu, aliyense payekha, atsibweni, amayi ena awiri a ku kalabu, mnyamata wogulitsa mbewu ndi mphunzitsi wina wa pulayimale, funso lake limodzi: mutafuna kuphunzira kupanga zimenezi pa foni mungalembe chiyani? Ndinkawapatsa foni kuti alembe okha, osati anene pakamwa, chifukwa pakamwa munthu amakongoletsa. Anayi analemba feteleza kapena fetereza, mmodzi yekha, aphunzitsi aja, ndi amene analemba manyowa. Anthu asanu si kafukufuku, ndikudziwa, koma anagwirizana ndi zimene kabokosi kanaonetsa m'chizungu, ndiye mboni ziwiri zosadziwana zinanena chimodzi.

Kenako ndinapita pa Google, osati YouTube, nkusaka `how to make mbeya fertilizer` nkutsetsereka mpaka pansi penipeni pa tsamba. Kumeneko kumakhala mawu ena pansi pa kamutu kakuti `People also search for`, nthawi zina amalemba `Related searches`. Awa ndi osiyana ndi otsika m'kabokosi aja ndipo ntchito yake ndi ina. A m'kabokosi amakuuzani mmene munthu amayambira funso. Apansiwa amakuuzani zimene akufunanso pambali pa funsolo, kapena zimene sanakhutire nazo. Kwa ine kunabwera zokhudza zinthu zofunika posakaniza, kuchuluka kwa chilichonse, ndi kathiridwe kake m'munda wa chimanga. Apa ndinazindikira kuti munthu amene akusaka amadziwa kale kuti Mbeya ndi chiyani, anamva ku wailesi kapena kwa mnzake, chimene chikumusowa ndi miyezo. Zoonadi ndi pamene anthu amakanganirana, wina akuti gaga achuluke, wina akuti phulusa lichepe. Mu vidiyo yanga ndinaonetsa mmene ine ndimapangira, makilogalamu 10 a feteleza wogula, 20 a ndowe zouma zopunthapuntha, 10 a gaga, 10 a phulusa losefa, madzi malita 5, kusakaniza mpaka ukafumbata zigwirane koma osadontha, nkumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati masiku 21. Ndiye yankho la funso lawo linali kale mu vidiyo, pa mphindi yachitatu, koma mutu sunkanena.

Pamenepa panalinso msampha ndipo ndinatsala pang'ono kugweramo. Kathiridwe kanaoneka pa mawu apansi aja, ndiye mtima unkati uikenso m'mutu, "kapangidwe ndi kathiridwe", ukoke anthu ambiri. Koma vidiyo yanga inathera potsegula thumba ndi kuyanika pamthunzi, za kumunda munalibe. Ukalonjeza m'mutu chinthu chimene mulibe, munthu amadina, amadumphadumpha kufuna pamene pali zimene akufuna, akazisowa amatuluka atakwiya ndipo bandulo yake wamuthera. Zimaoneka ndithu mu YouTube Studio, mmene mwini tchanelo amayendetsera mavidiyo ake ndi kuona manambala ake, pa mzere uja woonetsa mmene anthu akhalira akuonera: umagwa chiphompho m'masekondi 30 oyamba. Vidiyo yotero YouTube siipitiriza kuikankhira kwa anthu. Ndiye kathiridwe ndinakalemba patsamba lina la kope ngati vidiyo yotsatira.

Google Trends, tsamba loonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu amene anthu akusaka, ndingoitchula mwachidule chifukwa kwa ife siithandiza kwambiri. Mumatha kusankha dziko la Malawi, nkusintha `Web Search` kukhala `YouTube Search`, nkuika mawu awiri kuti muwayerekeze. Ine nditayesa mawu achichewa inangondiuza kuti palibe zokwanira zoti ionetse. Ikaonetsa mzere, dziwani kuti manambala ake a 0 mpaka 100 si chiwerengero cha anthu, 100 ndi nthawi imene mawuwo anasakidwa kwambiri poyerekeza ndi nthawi zina basi. Pa mawu akuluakulu ngati a feteleza wamba imathandiza kuona nyengo. Pa timawu tathu ting'onoting'ono musataye nayo bandulo yambiri.

Tsopano kulemba mutu weniweniwo. Apa ena amalakwitsa mbali inayo, amatenga zonse zimene apeza nkuziunjika: "mbeya fertilizer how to make mbeya manure feteleza fetereza manyowa Malawi 2024". Mutu wotero umaoneka ngati munthu akubwebweta, ndipo mlimi akauona sakhulupirira kuti mwini wake akudziwa chimene akunena. Makina angaupeze koma wodina ndi munthu. Ine muyezo wanga ndi wakuti ndiuwerenge mokweza ngati ndikuuza atsibweni, ukandikola pakamwa ndiye kuti sunapse. Ndinalemba mitu itatu. Woyamba unayamba ndi chizungu, Chichewa pambuyo, ndinausiya chifukwa pa foni mbali yachichewa ikanadulidwa, chonsecho ndi imene imandisiyanitsa ndi mavidiyo ena onse aja. Wachiwiri unali "Thumba limodzi la feteleza kukhala matumba asanu!", wokoma ndithu ndipo pa Facebook ungayende, koma mulibe Mbeya, ndiye wosaka sangaupeze, vuto lakale lomwe lija. Mawu amenewo ndinawaika pa kachithunzi kapamwamba pa vidiyo, mpamene amagwira bwino ntchito. Wachitatu ndi umene unakhala:

```
Kapangidwe ka feteleza wa Mbeya: miyezo yake ndi masiku 21 | Mbeya fertilizer
```

Zilembo 77. Zilembo 31 zoyambirira zanena kale nkhani yonse, ndiye ngakhale foni idule kumapeto palibe chotayika kwa wowerenga, ndipo mawu achizungu akumapetowo ngakhale asaoneke pa sikirini, makina osakira amawaonabe. Ndinasankha feteleza wa l osati wa r chifukwa ndi amene anthu atatu mwa anayi aja analemba. Fetereza, fataleza ndi manyowa a Mbeya ndinawalowetsa m'ziganizo zenizeni mu `Description`, mwachitsanzo "ena amati manyowa a Mbeya", komanso mu `Tags`, timawu tosaoneka kwa oonera timene mumaika pa vidiyo tothandiza posaka. YouTube yokha imanena kuti matagi sathandiza kwambiri kupatula pa mawu amene anthu amawalemba mosiyanasiyana, ndipo ife vuto lathu ndi lomwelo ndendende, ndiye kwa ife ali ndi ntchito. "Gawo 1" ndinachotsa, imauza munthu kuti sapeza yankho lonse pano. Zilembo zikuluzikulu pa liwu lililonse ndinazisiyanso, palibe amene amalemba choncho kwa mnzake.

Kusintha mutu sikufufuta chilichonse, linki imakhala yomweyo, anthu amene anaonera kale amawerengedwabe, ndemanga zimakhalapo. Ndikunena izi chifukwa mnzanga wina anafufuta vidiyo nkuikwezanso poopa kuti mutu sungasinthidwe. Mumangolowa mu YouTube Studio, kusankha vidiyoyo, kudina kapensulo, kulemba, `Save`.

Nanga mudziwa bwanji kuti zagwira? Apa ndikufuna ndinene chilungamo chifukwa nkosavuta kudzitama ndi zinthu zimene sizinachokere kwa iwe. Mutu ndinausintha mu Sepitembala, ndipo anthu oonera anakwera m'masabata otsatira. Koma Sepitembala ndi Okutobala ndi nthawi imene aliyense akuganiza za feteleza, mvula ili pafupi, ndipo amene akufuna Mbeya ayenera kuyamba msanga chifukwa cha masiku 21 aja. Ndiye kukwerako kukanatha kubwera ngakhale ndi mutu woipa. Nambala ya oonera payokha si umboni. Umboni uli pena: mu Studio, pa vidiyoyo, `Analytics`, kenako `Reach`, pamakhala poonetsa kumene anthu achokera, ndipo mukadina `YouTube search` imakuonetsani mawu enieni amene anthu analemba mpaka kukupezani. Ndisanasinthe, pafupifupi onse ankachokera ku linki imene ndinamwaza m'magulu a WhatsApp, ndipo pa mawu osakira panali dzina la tchanelo changa lokha, kutanthauza abale ndi anzanga. Patatha masabata atatu panali `mbeya fertilizer` pamwamba, `feteleza wa mbeya` pansi pake, ndi `kapangidwe ka mbeya`, mawu amene kabokosi sikanandionetsepo ngakhale kamodzi. Nditaona mzere umenewo ndinakhala kanthawi ndikuuyang'ana. Anthu osaka m'Chichewa aja alipo, kabokosi kankangolephera kuwaonetsa.

Mndandanda umenewu tsopano ndimaukonda kuposa kabokosi, chifukwa ndi wa anthu anga enieni, ndipo vidiyo iliyonse imene ndaika imauwonjezera. Kabokosi nkoyambira pamene ulibe kalikonse.

Pali nambala inanso pa `Reach` pomwepo, `Impressions click-through rate`, imene imaonetsa kuti mwa anthu amene anaona mutu ndi kachithunzi, ndi angati anadina. YouTube imati theka la matchanelo ndi mavidiyo limakhala pakati pa 2% ndi 10%. Ntchito yake kwa ine ndi kusiyanitsa matenda awiri. Ngati vidiyo sikuonetsedwa nkomwe kwa osaka, ndiye kuti mawu a m'mutu si amene anthu akulemba, bwererani ku kabokosi. Ngati ikuonetsedwa kwambiri koma odina ndi ochepa, mawu ndi olondola koma mutu kapena chithunzi sichikukopa, kapena mukuonekera kwa anthu olakwika, ngati a mpira a ku Tanzania aja. Mankhwala ake ndi osiyana, ndiye musamangosintha mwachisawawa. Ndipo manambala ena amachedwa mpaka masiku awiri kuti aoneke, komanso tchanelo chaching'ono chimafuna masabata kuti pakhale chooneka. Mukasintha mutu lero, mawa, mkuja, simudzadziwa umene unagwira. Ine ndimasintha kamodzi, kulemba tsiku m'kope, nkuusiya masabata awiri kapena atatu, ndipo sindisintha mutu ndi chithunzi tsiku limodzi.

Chinthu china chimene kanjira aka sikangachite: sikangapange anthu osaka pamene palibe. Ndili ndi vidiyo ina ya gule wa pa mwambo wina kumudzi kwathu, palibe amene amadzuka nkusaka imeneyo, anthu amaipeza chifukwa wina wawatumizira kapena yawatulukira yokha. Mutu wa vidiyo yotero ufunika kukopa, osati kuyankha funso, ndiye kabokosi sindikafunsa nkomwe. Kamagwira ntchito pa mavidiyo amene munthu ali ndi vuto m'manja ndipo akufuna yankho, kapangidwe, kakonzedwe, mtengo, matenda a nkhuku, foni yokana kutchaja.

Vidiyo ya kathiridwe ija ndinadzaijambula mvula itagwa, m'munda mwa atsibweni momwe, iwo ndi amene ankabaya mayenje pambali pa phando ine ndikugwira foni. Mutu wake sunandivute, mawu ndinali nawo kale m'kope. Imene yanditengera nthawi sabata ino ndi ya kasungidwe ka mtedza kuti usachite chuku. Kuno kwathu timati nsawa, amayi sananenepo mtedza chibadwire, koma nditayesa `nsawa` m'kabokosi sikunatsike chilichonse cha ulimi, pamene `mtedza` ndi amene ali m'mabuku a kusukulu, pa wailesi ndi pa zikwangwani za mavenda ogula mbewu, ndipo mwa anthu amene ndinawapatsa foni, ngakhale amene pakamwa amati nsawa, chala chawo chinalemba mtedza. Ndiye m'mutu ndaika mtedza, mu `Description` ndalemba kuti "kwathu ku Mchinji timati nsawa", ndipo mu vidiyomo ndikulankhula nsawa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndiikweza Lachisanu usiku netiweki ikadekha.